Miniti imodzi yogulitsa simenti kwa munthu wa ku Joni

Pafupifupi m'dera lililonse muli nyumba imene inaima pa windo. Zipupa zinakwera bwino, mafulemu analowa, kenaka ntchito inangoti zii. M'kati munamera chisoso, mbuzi n'kupezamo pobisalira dzuwa. Mukafunsa anthu oyandikana nayo, yankho limabwera motsitsa mawu: mwini wake ali ku Joni, ndalama amatumiza ndithu, koma njira imene ndalamayo imadzera ili ndi mphambano zambiri. Ina inapita ku maliro, ina ku fizi ya mwana wa mlongo wake, ina inagula feteleza, ndipo ina palibe amene akudziwa kumene inalowera.

Pa nyumba zotere m'pamene pamera malonda atsopano. M'malo motumiza ndalama, munthu amene ali kunja amasankha katundu pa foni, kulipira ali komweko, ndipo abale ake kumudzi amalandira thumba la ufa, mafuta ophikira, simenti kapena malata. Ku Zimbabwe malonda amenewa anazika mizu kale. Kuli Malaicha, imene anthu okhala ku South Africa amaitanitsirapo zakudya za abale awo, ndipo dzina lake linachokera kwa amalayitsha, madalaivala amene kwa zaka zambiri akhala akunyamula katundu wa anthu kuwolotsa pa Beitbridge. Nayo Mukuru, imene Amalawi ambiri amaidziwa pa nkhani yotumiza ndalama, inayambitsa zogulira abale zakudya m'dziko lomwelo.

Koma sitolo ya pa foni ilibe khonde loti munthu aimepo n'kugwira katundu. Chimene chimaiimirira ndi kanema wamfupi, wa miniti imodzi kapena kucheperapo, amene amayenda pa WhatsApp ndi Facebook. Ndipo kanema asanajambulidwe, pamakhala pepala limodzi limene akatswiri amalitcha sikiripiti: ndondomeko ya zonse zimene zioneke ndi zonse zimene zimveke, sekondi ndi sekondi. Kulemba pepala limeneli kumaoneka kophweka mpaka munthu atayesa.

Choonadi chimene sichinenedwa mokweza

Kutumiza katundu m'malo mwa ndalama si nzeru ya dzulo. Agogo athu amene anapita ku migodi kudzera ku Wenela ndi ku Theba ankabwera ndi njinga, bulangete, wailesi ndi makina osokera. Ulendo wa Wenela unadukizidwa mu 1974, pamene ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito imeneyi. Koma njira ya kumwera sinatsekeke. Mpaka lero mabasi ochokera ku Johannesburg amadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza atakoka ngolo zodzaza matumba, mafiriji ndi matilesi. Munthu wa kunja anadziwa kalekale kuti bulangete limafika lili bulangete, pamene ndalama imatha kusanduka chinthu china isanagone usiku umodzi.

Apa ndiye pali msampha woyamba wa wolemba sikiripiti. Iye amadziwa chifukwa chenicheni chimene kasitomala angasankhire njira yatsopanoyi: anapsapo. Anatumizapo ya malata, malata osaoneka. Choncho maganizo oyamba amene amabwera ndi kulemba sewero la mlamu wadyera, amene walandira ndalama ya simenti n'kukhotera ku bala, kenaka mawu a wolengeza n'kubwera: "Mwatopa kudyeredwa ndalama ndi abale?" Kanema wotere amaseketsa, ndipo m'chipinda cha msonkhano aliyense amaomba m'manja.

Vuto lake limaoneka kanemayo akangochoka m'manja mwa kampani. Kanema wa pa WhatsApp saonedwa ndi munthu mmodzi. Wa ku Joni akafuna kugwiritsa ntchito njirayi, chinthu choyamba chimene amachita ndi kutumiza kanemayo kumudzi kuti amayi ake, mkazi wake kapena mng'ono wake aone mmene zidzayendere. Tsono ganizani mng'ono uja, amene wakhala akuyang'anira ntchito ya nyumbayo kwa zaka ziwiri osalipidwa kanthu, akulandira kuchokera kwa achimwene ake kanema wonena kuti abale ndi akuba. Uthengawo waumva. Ndipo wa ku Joni uja amadziwa kuti udzamveka choncho, motero satumiza n'komwe. Kanemayo amafera m'foni mwake.

Komanso sewero la mlamu wadyera limanama pang'ono. Ndalama zambiri zimene zimapatuka sizipita ku mowa. Zimapatuka chifukwa tsiku limene zafika, pakhomo pali wodwala. Mayi amene wagwira ndalama ya simenti m'manja mdzukulu ali kuchipatala sangauze anthu kuti ndalama palibe. Kwa mayi wotere, simenti yofika ili simenti ndi mpumulo: palibe amene angabwere kudzabwereka thumba la simenti kuti akagulire mankhwala. Wolemba wanzeru amaona kuti njirayi imamasula mbali zonse ziwiri, ndipo amalemba kanema amene wotumiza angamutumize kumudzi popanda manyazi. Mdani m'kanemamo asakhale munthu. Akhale mvula imene yayandikira, mtunda wopita ku tauni, kapena mtengo umene ukukwera.

Mawu angati alowe m'miniti imodzi

Pepala la sikiripiti limagawidwa pakati. Kumanzere kumalembedwa zooneka, kumanja zomveka, ndipo m'mphepete mumalembedwa masekondi. Kugawa kotere kumaulula msanga matenda a olemba ambiri: mbali ya kumanja imadzaza mpaka kusefukira, ya kumanzere ili ndi mawu awiri okha, "mayi akumwetulira".

Mabuku ophunzitsa ntchitoyi amati wolengeza wa Chingerezi amalankhula mawu pafupifupi 150 pa miniti. Amene angatenge nambala imeneyi n'kuigwiritsa ntchito pa Chichewa adzalira mu situdiyo. Mawu athu ndi aatali, chifukwa liwu limodzi limanyamula zimene Chingerezi chimazimwaza m'mawu anayi kapena asanu. Liwu loti "musanalipire" ndi limodzi papepala, koma pakamwa lili ndi maphatikizo asanu ndi limodzi. Tengani chiganizo ichi: "Simenti yafika, matumba makumi awiri, onse athunthu." Mawu ndi 7, maphatikizo ndi 20, ndipo munthu wolankhula mosathamanga, mmene mayi wachikulire angalankhulire pa foni, amachimaliza m'masekondi pafupifupi asanu. Pa liwiro limeneli miniti yonse imanyamula mawu osapitirira 85, ndipo apo ndiye kuti munthu sakupuma. Mukasiya mpata woti lole imveke ikuima, woti foni ilire, woti woonera awerenge zimene zili pa sikirini, mumatsala ndi mawu pafupifupi 60.

N'chifukwa chake sikiripiti yolembedwa m'Chingerezi n'kumasuliridwa pambuyo pake imadziwika ndi khutu lokha. Wolengeza amathamanga ngati akuwerenga mauthenga a maliro nthawi itatha, ndipo chiganizo chomaliza, chimene chili ndi nambala ya foni, ndicho chimamezedwa. Mankhwala ake ndi akale: kulemba m'Chichewa kuyambira pachiyambi, kuwerenga mokweza wotchi ili m'manja, n'kudula.

Pali kanthu kenanso pa chiganizo chija. Ndani pa msika amati "matumba makumi awiri"? Anthu amati matumba twente, malata sate. Mayi wa m'kanema akalankhula ngati buku la masamu la Sitandade 2, woonera amadziwa pompo kuti uyu ndi wa zisudzo, ndipo chikhulupiriro chimene kanemayo amafuna kumanga chimayamba kugwedera pamenepo.

Chitsanzo: simenti twente, malata sate

Tiyerekeze kampani, yopanda dzina, imene ili ndi depoti ya zomangira pa boma la Ntcheu, ndipo ikufuna kanema wa masekondi 60 wolunjika kwa Amalawi a ku South Africa. Kanemayo ajambulidwa choimirira, mmene anthu amagwirira foni, pa muyeso wa 9:16.

Masekondi 8 oyamba akuonetsa nyumba ija yoima pa windo, kumwamba kuli mitambo yakuda. Palibe nyimbo, palibe chizindikiro cha kampani. Chimene chikumveka ndi uthenga wa mawu wa pa WhatsApp, liwu la mayi wachikulire: "Bambo a Chisomo, mvula yayandikira. Mmisiri akufunsa za simenti ndi malata." Mayiyu sakupempha ndalama, sakudandaula, ndipo akutchula mwana wake mwaulemu ndi dzina la mdzukulu, monga amachitira amayi ambiri mwana akakhala ndi banja lake. Munthu aliyense amene ali kunja analandirapo uthenga wofanana nawo, ndipo chala chimene chimati chidutse chimaima. Makampani ambiri amawononga masekondi amenewa poonetsa chizindikiro chawo chikuzungulira. Pofika pamene chizindikirocho chaima, woonera anapita kale.

Kuyambira sekondi ya 8 mpaka ya 12 tikuona mwanayo, atakhala pa bedi m'kachipinda, akadali m'ovolosi ya kuntchito. Akuyankha mwachidule: "Musadandaule amayi, ndikuitanitsa pompano." Kachipindako n'kofunika. Wojambula akamuika m'nyumba ya masofa achikopa ndi galimoto panja, amakhala atanena zinthu ziwiri zoipa nthawi imodzi: kwa wa ku Joni, kuti njirayi ndi ya olemera, kwa a kumudzi, kuti mwana wawo amabisa chuma.

Gawo lachitatu, masekondi 12 mpaka 24, ndi la sikirini ya foni yeniyeni, chala chikusankha. Pakuoneka simenti, thumba la makilogalamu 50, matumba 20. Pakuoneka malata a geji 28, mafiti 12, okwana 30. Wolengeza akuti: "Sankhani katundu pa foni. Mtengo wonse, ndi wa lole womwe, muuona musanalipire." Gawo limeneli tibwererako, chifukwa ndi limene limabala milandu.

Kenaka kamera ikubwerera kumudzi. Foni ya mayi uja, yaing'ono ya mabatani, ikulira. "Amayi alandira uthenga wa nambala yachinsinsi. Foni iliyonse imalandira." Mawu atatu omalizawo akuyankha funso limene wa kunja aliyense amakhala nalo mumtima: amayi anga alibe foni ya intaneti, nanga zitheka bwanji? Ndipo chithunzi cha foni ya mabatani chikuyankha funsolo wolengeza asanatsegule pakamwa.

Masekondi 33 mpaka 46 ndiwo mtima wa kanemayo. Lole yaima pabwalo. Mng'ono wake wa mwana uja akuwerenga matumba akutsika, mmisiri akuyang'ana malata limodzi ndi limodzi, mayi aima chapatali foni ili m'manja. "Awerenge kaye katundu. Akakhutira, ndiye apereke nambalayo kwa dalaivala." Taonani ntchito imene mng'ono uja wapatsidwa. M'sikiripiti ya mlamu wadyera iye anali wakuba; muno ndi mlonda wa katundu wa banja. Njira ndi yomweyo, ndalama sizidutsa m'manja mwake, koma kanemayu angathe kumuonera limodzi ndi anzake osagwetsa nkhope.

Mayi akutumiza uthenga wachiwiri: "Zafika, bambo. Matumba twente, malata sate, onse athunthu." Mwana akumvetsera ali m'minibasi yopita kuntchito, sakunena kanthu. Ndipo m'masekondi 7 omaliza mukuoneka dzina la kampani ndi nambala imodzi ya foni, yaikulu, yosasuntha: "Chikavuta, imbani nambala iyi. Mukambirana ndi munthu."

Mukawerenga mawu onse olankhulidwa, akukwana 60 ndendende. Mulibe liwu loti "odalirika", mulibe "achangu", mulibe "nambala wani". Kampani iliyonse, ngakhale ya akathyali, imadzitcha yodalirika, ndipo mawuwo anatha mchere. Chimene chikugwira ntchito yawo ndi dongosolo la nambala yachinsinsi: dalaivala sangatseke ulendo wake popanda nambala imene ili m'foni mwa mayi, ndipo mayi sapereka nambalayo katundu asanawerengedwe. Woonera akamvetsa zimenezi, amadzipezera yekha chifukwa chokhulupirira.

Chiganizo chilichonse ndi ngongole

Tibwerere ku gawo la sikirini lija. Chifukwa chiyani sikiripiti ikulimbikira kuti pa foni paoneke "geji 28, mafiti 12", osangoti malata? Chifukwa malata si chinthu chimodzi. Geji ndi muyeso wa kuchindikala kwa lata, ndipo imayenda chobwerera: nambala ikakhala yaing'ono, lata ndi lochindikala. La geji 28 ndi lolimba kuposa la geji 30, ndipo la geji 32 ndi lopyapyala kuposa onsewo. Pa chithunzi onse amanyezimira mofanana. Munthu amene walipira a geji 28 ali ku Cape Town, kumudzi n'kufika a geji 32, sangadziwe mpaka mphepo ya mkuntho itamuuza. Choncho kanema amene akuonetsa mmisiri akuyang'ana malata asanavomereze akuphunzitsa banja lonse chimene liyenera kuchita tsiku limenelo.

Simenti nayo ili ndi magulu. Pa thumba pamalembedwa 32.5 kapena 42.5, manambala osonyeza mphamvu yake ikauma, ndipo mmisiri ndiye amadziwa imene ikufunika pa pulasitala ndi imene ikufunika pa konkire wonyamula katundu wolemera. Komanso simenti imakalamba. Thumba limene lakhalitsa pa chinyezi limachita mibulu yolimba, ndipo mbulu umene sukuphwanyika ndi zala ndi chizindikiro chakuti mphamvu yapita. N'chifukwa chake mawu a mayi akuti "onse athunthu" si okongoletsa chabe. Ndipo wojambula watcheru amaonetsa matumbawo akusanjidwa pa matabwa m'nyumba, osati pa dothi, osatinso mogundana ndi chipupa. Sekondi imodzi ya chithunzi chotere imapulumutsa matumba ambiri kuposa ndime yonse ya malangizo.

Lamulo limene olemba odziwa ntchito amatsata ndi ili: sikiripiti isanapite kwa wojambula, ipite kaye kwa munthu wa ku depoti, amene amakweza katundu ndi kutuma malole. Iye aiwerenge chiganizo ndi chiganizo, akufunsidwa funso limodzi: kodi izi mungazichite tsiku lililonse? Mawu akuti "timafika paliponse m'Malawi" amakoma pakamwa, koma wa ku depoti amadziwa misewu imene lole ya simenti singadutse mu Januwale ndi Febuluwale, matope atafika m'maondo. Matumba 20 a simenti ndi tani imodzi yathunthu. Si katundu woti wa kabaza angamalizitse ulendo lole ikatitimira. Ngati choonadi ndi chakuti kampani imafika makilomita owerengeka kuchokera pa depoti, ndipo okhala kupitirira apo amakatenga okha, sikiripiti inene zimenezo, kapena iike mayina a maboma pa sikirini. Chimodzimodzi ndi "tsiku lomwelo". Ngati nthawi zambiri pamatenga masiku atatu, alembe atatu. Wa kunja angathe kudikira masiku atatu. Chimene sangapirire ndi kuimbiridwa ndi amayi ake madzulo a tsiku loyamba kuti takhala pabwalo kuyambira m'mawa.

Izi si nkhani ya ulemu wokha. M'Malawi muli lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limalandira madandaulo okhudza kutsatsa konyenga. Kanema ndi umboni umene sufufutika msanga: ukangolowa m'mafoni a anthu, kampani singauitanitsenso.

Mfundo yomweyi ndi imene imaletsa kutchula mtengo pakamwa. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700 tsiku limodzi. Kanema amene anajambulidwa mu Okutobala chaka chimenecho, wolengeza akutchula mtengo wa thumba la simenti, pofika Khirisimasi anali atasanduka wabodza, koma akuyendabe m'magulu a WhatsApp. Choncho sikiripiti yabwino simatchula mtengo. Imalonjeza kuti mtengo uoneka musanalipire. Ngati pa sikirini pakuoneka manambala, pakona palembedwe kuti ndi chitsanzo. Ndipo liwu loti "wonse" m'chiganizo chija lili ndi ntchito yaikulu. Anthu a kunja anazolowera kudulidwa: malipoti a Banki Yaikulu ya Dziko Lonse akhala akusonyeza kuti kutumiza ndalama ku maiko a kumwera kwa Sahara ndi kokwera mtengo kuposa chigawo china chilichonse, pafupifupi 8 peresenti, pamene cholinga cha maiko onse ndi kufika pansi pa 3 peresenti pomafika 2030. Munthu wotere amafunsa msanga kuti kodi phindu lanu mwalibisa pati: pa mtengo wa katundu, pa kasinthidwe ka randi, kapena pa lole? Kampani imene dalaivala wake amakapemphanso "ya mafuta" kwa mayi pakhomo isalembe chiganizo chimenechi.

Ufa ndi shuga zili ndi mavuto ake

Kanema wa zakudya amatsata mafupa omwewo, koma nyama yake ndi ina. Zomangira munthu amagula kamodzi kapena kawiri pa chaka, ndi ndalama yambiri, ndipo mantha ake ndi kuberedwa. Zakudya amagula mwezi ndi mwezi, ndipo funso lake ndi lakuti: chimene ndasankha chikasowa, muchita chiyani? Shuga amatha kusowa m'masitolo, mafuta ophikira a malita awiri amatha kutha n'kutsala a lita imodzi. Sikiripiti iyenera kukhala ndi chiganizo chimodzi choyankha zimenezi, monga "Chikasowa, tikuimbirani tisanasinthe", koma pokhapokha ngati pali munthu amene amaimbadi.

Kawirikawiri zakudya amakatenga okha ku sitolo, ndiye kanema aonetse zimene wokatenga anyamule: foni imene yalandira uthenga, ndi chitupa cha unzika, chimene Amalawi ambiri ali nacho kuyambira kalembera wa 2017. Pamenepa pali kamsampha. Wotumiza amalemba dzina limene amawadziwira amayi ake, mwina la kubanja la amuna awo, pamene pa chitupa pali dzina la bambo awo owabala. Mayi amayenda ulendo wa maola awiri, n'kubwezedwa pa kauntala. Mawu asanu, "Lembani dzina la pa chitupa", amatseka dzenje limeneli.

Ndipo apa ulemu ukufunikanso kwambiri. Ojambula ena amakonda kuonetsa banja la kumudzi lili ndi njala, ana atagwira mbale zopanda kanthu, kenaka katundu akufika ngati thandizo la mabungwe. Palibe amene amafuna kuti amayi ake aoneke choncho, ngakhale m'sewero. Mayi wovala chitenje chake chabwino, akusankha yekha kuti mpunga usungidwe wa Khirisimasi, amagulitsa bwino kuposa misozi.

Nambala imodzi, ndi mayeso a pa khonde

Gawo lomaliza la sikiripiti lili ndi mdani wake: akuba a pa foni. Aliyense m'Malawi analandirapo uthenga wa "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", kapena foni ya munthu wodzitcha wa ku kampani wofuna nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba. Kanema wophunzitsa amayi kuti adzalandira uthenga wa nambala yachinsinsi akutsegulanso khomo kwa akubawa, ngati sanena bwino kuti nambalayo ndi yopereka kwa ndani komanso liti. N'chifukwa chake m'chitsanzo chija nambala ikuperekedwa pamaso, kwa dalaivala, katundu ali pansi. Pa sikirini pangathe kuwonjezeredwa mzere umodzi wolembedwa: sitidzakufunsani nambalayi pa foni. Komanso nambala ya kampani ikhale imodzi, ikhale pa sikirini masekondi osachepera asanu kuti munthu athe kuijambula. Kanema wothera ndi manambala atatu, keyala ya pa intaneti ndi zizindikiro zinayi za masamba a mchezo amasiya woonera osagwira chilichonse.

Mawu olankhulidwa alembedwenso m'munsi mwa chithunzi, chifukwa ambiri amaonera ali m'basi kapena pa ntchito foni itatsekedwa mawu. Chilankhulo nacho chiganiziridwe: maboma monga Mangochi ndi Mzimba amatumiza anthu ambiri ku South Africa, ndipo mayi wa ku Mangochi wolankhula Chichewa cha ku Lilongwe samveka ngati mayi wa munthu. Wolengeza angathe kukhala wa Chichewa, koma uthenga wa mayi ujambulidwenso m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, ndipo ulembedwe mwatsopano ndi eni chilankhulo, wotchi ili m'manja, popeza masekondi 8 aja sasintha.

Pepala likatha, asanabwereke kamera, pali mayeso otsika mtengo. Wolemba amajambula mawu okha pa foni, n'kukawamvetsa anthu awiri. Woyamba ndi munthu amene anakhalapo kunja n'kumangapo nyumba ali komweko. Iye amafunsidwa ngati akanatumiza kanemayu kwa mng'ono wake. Akazengereza, penapake pali chiganizo chonyoza chimene wolemba sanachione. Wachiwiri ndi mayi wachikulire wa foni ya mabatani. Iye safunsidwa ngati kanemayo wamukonda, chifukwa mwaulemu adzavomera. Amafunsidwa kuti afotokoze zimene adzachite lole ikaima pabwalo pake. Akati "ndiwerenga kaye, kenaka ndiye ndipereke nambala", gawo la masekondi 33 mpaka 46 lagwira. Akati "ndimupatsa dalaivala foni aone yekha", wolemba amabwerera ku pepala lake n'kukalembanso chiganizo chimenecho, mwina n'kuchotsa mawu ena pa gawo la mwana uja kuti mayi aoneke akubisa foni kumbuyo mpaka thumba la twente litatsika.